Kuphika ndi kuwotcha nkhumba kuti ipse mpaka pafupa: mmene tingapewere masese ndi njoka zam'mimba

Nyama ya nkhumba imanamiza wophika. Mukaiika pa mbaula ya moto waukali, kunja kumafiira msanga, mafuta amayamba kuchucha, fungo limafika kwa aneba, ndipo aliyense amati yapsa. Koma mukaicheka pafupi ndi fupa mupeza kuti mkati mukadali mofiira ndi mofunda chabe. Ambiri kuno ku Lusaka timalakwitsa pamenepa, kunyumba ngakhalenso pa michopo ya madzulo. Njira imene ndikulemba pano ndi ya kuwiritsa kaye kenako n'kuwotcha, ndipo ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha makilogalamu 2 a nyama ya paphewa yokhala ndi fupa, yodyetsa anthu 8 kapena 10.

## Zofunika kukhala nazo

- Nyama ya nkhumba yoyezedwa ndi oona za umoyo, makilogalamu 2
- Mpeni wakuthwa ndi thabwa lodulirapo nyama yaiwisi yokha
- Poto wamkulu wokhala ndi chivundikiro chokwana bwino
- Mbaula, malasha okwanira ola limodzi ndi theka, ndi waya wootcherapo
- Mbale ziwiri, ina ya nyama yaiwisi, ina ya yakupsa
- Sopo ndi madzi othira m'manja
- Wotchi kapena foni yoonera nthawi
- Themometa ya nyama, ija ya chitsulo chosongoka chobaya mkati, ngati mungaipeze
- Tochi, ngati mukuphika madzulo

Themometa si ya m'mahotela mokha. Ngati mumagulitsa michopo kapena mumaphikira anthu ambiri pa maukwati ndi pa maliro, ndinganene kuti muigule musanagule china chilichonse. Ya kuchipatala yopimira kutentha thupi siigwira ntchito imeneyi.

## Zimene tikufuna kuti moto uphe

Choyamba ndi masese. Anzathu a ku Katete ndi ku Petauke amalidziwa bwino dzina limeneli. Ndi timatuza ta madzi tokhala mkati mwa mnofu, kukula kwake ngati njere ya mpunga kapena kansawawa, ndipo m'kati mwa kalikonse muli kadontho koyera. Kadontho kameneko ndi mutu wa njoka yam'mimba yaphanthiphanthi ngati lamba, imene madokotala amaitchula kuti Teniya soliyamu. Munthu akameza kathuza kamoyo, mutuwo umakola m'matumbo, ndipo pakatha miyezi 2 kapena 3 imakhala njoka yaikulu yotalika mamita 2 kapena kupitirira apo. Imaduka tizidutswa timene timatuluka ndi chimbudzi, ndipo kachidutswa kamodzi kamatha kukhala ndi mazira 50,000.

Apa ndi pamene anthu ambiri samva bwino nkhaniyi. Wodya nyama yosapsa amatenga njoka ya m'matumbo, ndipo nthawi zambiri samva kuwawa kwenikweni. Choopsa chili m'mazira amene iye akutulutsa. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amaswa m'thupi n'kukapanga masese m'minofu, m'maso ndi mu ubongo. Akakhala mu ubongo amayambitsa khunyu ndi mutu wosapola. Angadwale ndi mwini njokayo, mwana amene akumudyetsa, kapena agogo amene sanalawepo nkhumba chibadwire. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limati m'madera ambiri momwe njokayi ndi yofala, pa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi 30 amadwala chifukwa cha iyo.

Chachiwiri ndi tirikinela, tinyongolotsi tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tokhala topiringizana mu mnofu. Timapezeka mu nkhumba zodya nyama zakufa ndi makoswe, komanso mu nguluwe ndi njiri. Wodya amayamba kutsegula m'mimba patapita tsiku limodzi kapena awiri, kenako pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo thupi limatentha, minofu imawawa ndipo zikope zimatupa.

Chachitatu ndi tokisopulazima, nakonso kosaoneka. Munthu wathanzi sazindikira n'komwe kuti wakatenga. Koma mayi akakatenga koyamba ali ndi pakati, mimba ikhoza kuchoka kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo, ndipo kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri chifukwa cha HIV kamatha kugwira ubongo.

Zonse zitatuzi zimafa ndi kutentha. Chofunika n'chakuti kutenthako kufike pakati penipeni pa nthuli.

## Sitepe 1: Gulani nyama masana, mukuiona

Gulani ku bucha kumene nyama ili ndi chidindo cha oyeza nyama, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti akuonetseni chidindocho. Pemphani kuti aicheke inu mukuona, n'kuyang'ana pamalo pochekedwapo.

Chenjezo: chidindo sichitanthauza kuti mukhoza kudya nyama yofiira mkati. Woyeza amacheka malo ochepa okha, sangaduledule nkhumba yonse. Akatswiri a pa sukulu ya za ziweto ku Yunivesite ya Zambia anafufuzapo nkhumba zophedwa ku Chibolya, ndipo m'zimene anafalitsa mu 2002, pafupifupi nkhumba imodzi pa 5 zilizonse inapezeka ndi masese. Kafukufuku wotsatira anaonetsanso kuti nkhumba ikakhala ndi masese ochepa, kuyeza kwa maso kumaiphonya kawirikawiri. Choncho chidindo chimakuchotserani nyama yoipitsitsa, zotsalazo ndi ntchito ya moto wanu.

Nyama yotchipa modabwitsa, yogulitsidwa m'chidebe kukada, kapena yoduliratu tizidutswa n'kuipaka zokometsera kuti mnofu usaoneke, isiyeni.

## Sitepe 2: Ichekeni n'kuiyang'ana pa kuwala

Musanathire mchere kapena china chilichonse, tulukani nayo panja pa dzuwa. Ilembeni ndi mpeni mizere yakuya itatu kapena inayi mopingasa mnofu, n'kukanula ndi zala. Masese amakonda minofu ya paphewa, ntchafu, khosi, masaya, mtima ndi lilime, makamaka kunsi kwake. Mukagula mutu, yambani ndi lilime ndi masaya.

Kuti musiyanitse masese ndi mafuta, kandani ndi nsonga ya mpeni. Mafuta ndi oyera thupi lonse, amamatirira ndipo amapakika pa chala. Kathuza ka masese kamaonekera mkati ngati dontho la madzi, kamasolomoka kathunthu n'kusiya kadzenje mu mnofu, ndipo mukakaphulitsa pamatuluka madzi ndi kambewu koyera. Masese akale amene anafa amakhala olimba ngati kamchenga, mpeni umachita kukhukhuluza.

Mukapeza ngakhale kamodzi, musangokachotsa n'kupitiriza kuphika ngati palibe kanthu, chifukwa pamene paoneka kamodzi pali ena obisika. N'zoona kuti moto wokwanira umapha masese, koma nyama yooneka nawo siyoyenera kuigulitsa kapena kuipatsa alendo. Ibwezeni kumene munagula ndipo dziwitsani oyang'anira za umoyo a khonsolo kapena a pa kiliniki ya m'dera lanu, chifukwa nyama yotsala ya nkhumba imeneyo ikugulidwa ndi anthu ena. Ngati kubweza sikutheka, itentheni kapena ikwirireni mozama.

## Sitepe 3: Isungunuleni yonse, kenako idulidwe mofanana

Nyama youma ndi ayezi mkati ndiyo imapusitsa kwambiri pa moto. Ichotseni mufiriza dzulo lake n'kuiika m'munsi mwa firiji, m'mbale, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Ngati mwachedwa, iikeni m'pulasitiki yomanga bwino n'kuimiza m'madzi ozizira, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Osaiyanika padzuwa.

Dulani nthuli zosapitirira masentimita 3 kunenepa kwake, ngati zala ziwiri zogundana. Pa makilogalamu 2 mupeza nthuli pafupifupi 25 kapena 30. Zonse zikhale zofanana, chifukwa mukasakaniza zazikulu ndi zazing'ono mudzaipula poona zazing'ono. Nthuli za fupa zilembeni mpaka mpeni ugunde fupalo.

Mukamaliza, tsukani mpeni ndi thabwa ndi sopo ndi madzi otentha, musambenso m'manja. Tomato, anyezi ndi kabichi zodya zosaphika zisadulidwe pa thabwa limenelo lisanatsukidwe. Mayi woyembekezera ngati alipo womuthandiza, ntchito yodula nyama yaiwisi aisiyire ameneyo.

## Sitepe 4: Wiritsani kaye

Ikani nthuli m'poto, thirani madzi ongofika pamwamba pa nyama, mchere, adyo ndi anyezi ngati mukufuna, n'kuvundikira. Muyambe kuwerenga nthawi pamene madzi ayamba kubwata, osati pamene mwateleka. Makilogalamu 2 a nyama yozizira amatha kutenga mphindi 15 kapena 20 pa mbaula asanabwate, ndipo ambiri amawerengera mphindi zimenezi ngati zophika.

Zikabwata, siyani zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 40. Pakati pake takasani kamodzi kuti za pamwamba zipite pansi. Madzi akaphwa nthawi isanakwane, onjezerani otentha, osati ozizira. Mutu, mapazi ndi matumbo zimafuna maola 2 kapena kupitirira, mpaka nyama iyambe kulekana ndi fupa yokha.

Chenjezo: musalawe nyama nthawi imeneyi, ndipo musapatse mwana kanthuli kuti atonthole. Ngati mukufuna kumva mchere, dikirani mphindi 40 zija zithe.

Ena amadandaula kuti nkhumba yowiritsa imatha kukoma. Imatha kukoma mukaimiza m'madzi ambiri n'kuwataya. Thirani madzi ochepa, ndipo otsalawo muwasandutse msuzi wa nsima ndi tomato ndi anyezi. Nyama ya paphewa ili ndi mafuta ndi mitsempha yokwanira, kuwiritsa kumaifewetsa.

## Sitepe 5: Wotchani pa makala ofiira, osati pa malawi

Dikirani malasha ayake mpaka achite phulusa loyera pamwamba. Akankhireni mbali imodzi kuti mbaula ikhale ndi mbali yotentha kwambiri ndi mbali ya moto wofatsa. Waya ukhale pamwamba pa makala ngati kutalika kwa chikhatho. Popeza nyama yapsa kale m'poto, apa mukungofuna kuti ifiire ndi kumveka utsi, ndipo mphindi 10 kapena 15 mukutembenuza zikwana. Mafuta akagwera pa moto n'kuyaka, sunthirani nyama ku mbali yofatsa. Mukafuna yokazinga, iumitseni m'poto momwemo ndi mafuta ake omwe.

Ngati mwasankha kuwotcha yaiwisi osawiritsa, ndiye kuti nthuli zikhale zopyapyala, zosapitirira masentimita 2, moto ukhale wofatsa, ndipo sitepe yotsatirayi musaidumphe zivute zitani.

## Sitepe 6: Pimani pakati pa nthuli yaikulu kwambiri

Sankhani nthuli yonenepa kuposa zonse, ndi ina imene inali m'mphepete mwa waya. Bayani themometa kuchokera m'mbali kuti nsonga ikaime pakati pa mnofu, isakhudze fupa, mafuta kapena waya, ndipo dikirani mpaka manambala asiye kukwera. Mukufuna madigiri 71 kapena kuposa. Mabuku ena amalola madigiri 63 pa nthuli yathunthu ngati nyamayo ipumitsidwa mphindi 3, koma amenewo ndi malangizo a ku Amereka, kumene nkhumba zambiri zimaleredwa m'makola otsekedwa. Ife sitidziwa kumene nkhumba yathu inkadya, ndipo moto wa mbaula sutentha mofanana, choncho ine ndimaima pa 71. Soseji, minsi ndi chiwindi, kulikonse kumene zachokera, zifike pa 71.

Themometa yatsopano iyeseni kaye. M'kapu yodzaza ayezi ndi madzi pang'ono iyenera kuonetsa 0. M'madzi obwata kuno ku Lusaka ionetsa 95 kapena 96, osati 100, chifukwa mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Ikaonetsa 96 musaitaye kuti ndi yakufa, ili bwino.

Ngati mulibe themometa, chekani nthuli yaikuluyo pakati mpaka pafupa n'kuunika ndi tochi. Mnofu ukhale wotuwa kapena woyera mpaka mkati, wosanyezimira ngati waiwisi, madzi otuluka akhale oyera opanda kufiira, ndipo nthunzi ituluke pakati pomwepo. Ulusi wa nyama uzilekana mukaukoka ndi foloko. Maso amatha kunama, makamaka nyama ikapakidwa zokometsera zofiira kapena zakuda, n'chifukwa chake wopanda themometa ayenera kudalira kuwiritsa.

Ndinaziona bwino pa chikondwerero china cha pabanja ku Chawama mwezi wa Disembala. Alamu anga anatulutsa nthuli za ntchafu mufiriza masana omwewo, zonenepa ngati zala zinayi, n'kuziika pa malawi. Patatha mphindi 20 kunja kunali kutada ndipo ana anali atafola ndi mbale.

"Alamu, tadikirani pang'ono ndibaye kaye iyi yaikuluyi," ndinatero.

"Bayani, alamu, koma yapsa iyi. Onani mmene yaderamu."

Pafupi ndi khungu themometa inaonetsa 80. Nditaikankhira pakati pafupi ndi fupa inatsika mpaka 46. Tinaicheka, ndipo mkati munali mofiira, madzi a magazi akutsika pa mpeni. Pa madigiri 46 masese akhoza kukhala akadali amoyo. Alamu sanatsutse. Tinaidula nthuli iliyonse pawiri, tinaziika m'poto ndi makapu awiri a madzi otentha, tinavundikira kwa mphindi 30, kenako tinazibwezera pa makala mphindi 5. Titapimanso zinali pa 82, ndipo ana anadya mochedwa ndi mphindi 40 zokha.

## Sitepe 7: Ipuleni m'mbale yoyera, idyedwe yotentha

Mbale imene munatengera nyama yaiwisi isabwerenso ku mbaula. Chimodzimodzi foloko ndi madzi a zokometsera amene munaviikamo nyama: ngati mukufuna kuwathira pa yakupsa, awiritseni kaye. Vundikirani nyama mphindi 3 musanagawe, kutentha kumapitiriza kulowa mkati.

Yotsala ilowe mufiriji pasanathe maola 2, ndipo mawa muitenthetse mpaka ibwate. Apa nkhani si masese ayi, koma tizilombo totsegula m'mimba timene timaswana pa nyama yosiyidwa pa tebulo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

## Mukamagula yowotcha kale

Pa michopo simungabaye themometa, koma pakamwa muli napo. Nenani mwaulemu kuti, "Akulu, ndidulireniko pakati ndione, ndipo muibwezere pamoto pang'ono." Wowotcha wodziwa ntchito yake sakwiya nazo. Unikani ndi tochi ya foni, chifukwa pansi pa babu lofiira la pa bala nyama iliyonse imaoneka yakupsa. Onaninso ngati thabwa limene akudulirapo yakupsa ndi lomwe lija akudulirapo yaiwisi. Nthawi yoopsa ndi pamene makasitomala achuluka ndipo wowotcha akuthamangira kuipula.

## Zolakwitsa zofala

Kudalira mowa, ndimu kapena tsabola. Ndamvapo anthu akunena kuti kachasu kapena mowa wina waukali umapha zonse m'mimba. Kathuza ka masese kanapangidwa kuti kapirire madzi owawa a m'chifu cha munthu, ndipo ndi madzi a m'mimba omwewo amene amakatsegula kuti mutu utuluke. Ndimu, viniga ndi tsabola zimangokometsa.

Kudalira mchere, utsi ndi kuyanika. Nyama yofutsa pa utsi kapena yowamba imauma kunja koma mkati simufika kutentha kokwanira, ndipo tirikinela amapirira zimenezi. Nkhumba, nguluwe kapena njiri youma imene abale abweretsa kuchokera kumudzi iphikidwe ngati yaiwisi.

Kudalira firiza. Kuzizira kumapha masese ngati nyama yakhala pa madigiri 10 pansi pa ziro kwa masiku 10 osalekeza, ndipo tirikinela wa nkhumba zoweta amafuna madigiri 15 pansi pa ziro kwa masiku 20. Ndi mmene magetsi amazimirazimira, ndani angalumbire kuti firiza yake sinasungunukeko masiku onsewo? Kabokosi ka ayezi ka m'firiji yaing'ono n'kosadalirika pa ntchito imeneyi.

Kuphikira nkhumba yaiwisi mu maikulowevu. Imatentha malo ena n'kusiya ena ozizira.

Kuganiza kuti kuphika kokha kwatseka nkhani yonse. Kuphika kumakutetezani ku njoka ya m'matumbo, koma masese a mu ubongo amadza ndi mazira a m'chimbudzi cha munthu. Aliyense wogwira chakudya pakhomo asambe m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi, madzi a pa chitsime chosazama awiritsidwe kapena athiridwe kolorini, makamaka nthawi ya mvula pamene zimbudzi zokumba zimasefukira m'makomboni, ndipo masamba odya osaphika atsukidwe ndi madzi abwino.

Kudzigulira mankhwala a njoka mwakachetechete. Mukaona tizidutswa toyera, taphanthi ngati kachingwe ka lamba, m'chimbudzi chanu kapena cha mwana, ikani kamodzi m'kabotolo kotseka bwino, sambani m'manja, n'kupita nako ku kiliniki. Piritsi limodzi la alubendazolo lija timamwa pa njoka wamba nthawi zambiri silichotsa njoka imeneyi. Madokotala amapereka nikolosamaidi kapena pulazikwantelo, ndipo asanakupatseni muwauze ngati munakomokapo, munagwapo khunyu, mumamva mutu kawirikawiri kapena muli ndi timibulu tolimba pansi pa khungu. Pulazikwantelo amatha kudzutsa khunyu mwa munthu amene ali kale ndi masese mu ubongo. Munthu wamkulu amene wayamba kugwa khunyu asanagwepo n'kale lonse apite kuchipatala msanga, ndipo a pa kiliniki akhoza kumutumiza ku chipatala chachikulu ngati UTH kuti akamujambule m'mutu. Mmodzi akapezeka ndi njokayi, a m'nyumba yonse akapimidwe, kuyambira amene amaphika.